Njinga ya Antonio: Mmene Kanema wa ku Italiya Anatulukira mu Situdiyo N'kulowa Mumsewu

Mu filimu ina imene inatuluka ku Italiya m'chaka cha 1948, mayi wina dzina lake Maria akuyalula nsalu zogonera pabedi la m'nyumba mwake. Akuzichapa, akuzipinda pamodzi ndi zina zimene anazisunga, zonse zikukwana zisanu ndi chimodzi, ndipo akupita nazo kunyumba ya pinyolo. Kalaliki akuziona, akunena kuti zina n'zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo pambuyo pa kukambirana pang'ono akumupatsa ndalama za lira 7,500. Pazenera lina la m'nyumba yomweyo mwamuna wake Antonio akuwombola njinga yake imene anaipinyolitsa kuti banja lipeze chakudya. Ali chidikirire njingayo, maso ake akutsatira munthu amene wanyamula mtolo wa nsalu zija. Munthuyo akukwera mashelefu, kukwera ndithu ngati wothyola zipatso, ndipo kamera ikukwera naye pang'onopang'ono mpaka tikuona kuti khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kudenga, ladzaza ndi mitolo ya nsalu za mabanja ena. Palibe amene akuyankhulapo kanthu. Komabe m'kanthawi kochepako tadziwa kuti umphawi wa Antonio ndi wa mzinda wonse wa Roma.

Filimuyi imatchedwa Ladri di biciclette, kutanthauza kuti akuba njinga, ndipo anaikonza ndi Vittorio De Sica. Ili m'gulu la mafilimu amene anajambulidwa ku Italiya kuyambira cha m'ma 1945 mpaka cha m'ma 1952, amene amadziwika ndi dzina loti neyoreyalizimo, ndiko kunena kuti kuonetsa zenizeni mwanjira yatsopano. Munthu amene akusewera Antonio sanali katswiri wa zisudzo, anali wantchito wa m'fakitale. Misewu imene akuyendamo sinamangidwe ndi akalipentala. Funso limene tikufuna tilitsatire ndi lakuti n'chifukwa chiyani anthu amene ankaidziwa bwino ntchito ya kanema anasankha kuchita zimenezi, popeza dziko lawo linali ndi akatswiri a zisudzo ambirimbiri komanso imodzi mwa masitudiyo aakulu kwambiri ku Ulaya.

Kuti timvetse, tiyenera kubwerera zaka khumi m'mbuyo. Mu Epulo 1937 wolamulira wankhanza Benito Mussolini anatsegula Cinecittà, mudzi wa kanema umene unamangidwa kunja kwa Roma. Situdiyo ndi chinyumba chachikulu chopanda mazenera, chimene mkati mwake amamangamo chilichonse chimene nkhani ikufuna: chipinda, sitolo, ngakhale msewu wathunthu wa matabwa ndi penti. Dzuwa lake ndi magetsi, ndipo wojambula amaliwalitsa kapena kulizimitsa mmene wafunira. Boma la Mussolini linaika ndalama zambiri pa ntchito imeneyi, pakuti linkanena poyera kuti kanema ndiye chida champhamvu kuposa zida zonse. Linali litatsegula kale sukulu ya kanema mu 1935, ndipo kuyambira mu 1938 linaika m'manja mwake malonda onse a mafilimu ochokera kunja, moti makampani aakulu a ku Amereka anasiya kutumiza mafilimu awo. Mpata umenewu unadzazidwa ndi mafilimu a ku Cinecittà.

Munthu angaganize kuti mafilimu a nthawi imeneyo anali odzaza ndi asilikali ndi mbendera. Ena analidi otero, koma ambiri anali nthabwala ndi nkhani za chikondi zochitikira m'nyumba za anthu olemera, zokhala ndi makwerero aakulu, antchito ovala mayunifolomu ndiponso telefoni yoyera patebulo. Telefoni ya anthu wamba, kwa amene anali nayo, inali yakuda, choncho yoyerayo inali chizindikiro cha chuma, ndipo pambuyo pake mafilimu onsewa anapatsidwa dzina lachipongwe loti mafilimu a telefoni zoyera. Bodza lawo linali m'zimene sankaonetsa. Munalibe ulova, munalibe njala, munalibe mlimi wa kumwera wogona nyumba imodzi ndi bulu wake. Nkhani ikafuna chigololo kapena kusudzulana, kawirikawiri ankaisamutsira ku dziko lina monga Hangare, kuti woonera asaganize kuti zoterezi zimachitika ku Italiya. Chiyankhulo nachonso chinali chosesedwa, pakuti boma linkadana ndi ziyankhulo za m'zigawo zimene anthu ambiri ankayankhula kunyumba kwawo.

Achinyamata ena ophunzira anayamba kunyansidwa nazo. Ankalemba m'magazini yotchedwa Cinema, imene mkonzi wake, modabwitsa, anali Vittorio Mussolini, mwana wa wolamulira yemweyo. Ena mwa iwo, monga Giuseppe De Santis ndi Mario Alicata, analemba kuti kanema atuluke panja, akaone minda, mitsinje ndi nkhope za anthu a dzikolo, ndipo anatchula wolemba mabuku wa ku Sisile, Giovanni Verga, ngati mphunzitsi wawo. Mu 1943 mnzawo Luchino Visconti anatulutsa Ossessione, imene anaijambula m'chigwa cha mtsinje wa Po, m'misewu ya fumbi ndi m'nyumba yodyera ya m'mbali mwa msewu. Akuluakulu a boma ndi a tchalitchi anaida, ndipo m'malo ambiri inaletsedwa. Apa tikuona kuti maganizo otuluka mu situdiyo analipo kale nkhondo isanagwetse situdiyoyo.

Kenako nkhondo inafika pakhomo. Mu Julayi 1943 Mussolini anachotsedwa pampando, mu Sepitembala Italiya inalengeza kuti yasiya kumenyana ndi Amereka ndi Britain, ndipo nthawi yomweyo asilikali a Jeremani analanda Roma. Anakhalamo miyezi isanu ndi inayi, mpaka pa 4 Juni 1944. M'miyezi imeneyi makamera ndi zipangizo za ku Cinecittà zinatengedwa, zina kupita ku Venice, zina ku Jeremani, ndipo ndege za mabomba zinawononga zina mwa nyumba zake. Roma itamasulidwa, malowo anasandutsidwa msasa wa anthu othawa nkhondo. M'zinyumba zija zimene munkamangidwa zipinda za anthu olemera munagawidwa timagawo ting'onoting'ono ta matabwa, banja lililonse kagawo kake, ndipo anthu anakhalamo zaka zingapo. Choncho amene ankafuna kujambula filimu mu 1945 analibe situdiyo yaikulu yoti apiteko ngakhale akanafuna.

Roberto Rossellini anayamba kujambula Roma città aperta mu Januwale 1945, nkhondo ikadali mkati kumpoto kwa dzikolo. Ndalama zinali zoperewera, magetsi ankavuta, ndipo mipukutu ya filimu ankaipeza mwapatalipatali. Nkhani yake inachokera m'zinthu zimene anthu a mumzindawo anali atangoziona ndi maso awo. Mu Marichi 1944 mayi woyembekezera, Teresa Gullace, anawomberedwa ndi msilikali wa Jeremani pamene ankayesa kuyandikira mwamuna wake amene anali atagwidwa. Ansembe awiri, Giuseppe Morosini ndi Pietro Pappagallo, anaphedwa chifukwa chothandiza otsutsa adaniwo. Rossellini anatenga imfa zimenezi n'kuziumba kukhala nkhani imodzi. Gawo limene aliyense amene anaionera amalikumbukira ndi la mayi Pina akuthamangira lole imene yanyamula bwenzi lake, akufuula dzina lake, kenako mfuti kulira, iye n'kugwa pakati pa msewu mwana wake akuona. Linajambulidwa mumsewu weniweni wa Montecuccoli, pakati pa nyumba zimene anthu ankakhalamo. Anthu a mu Roma amene anaonera filimuyi mu Sepitembala 1945 ankazindikira makoma, zovala ndi mantha amene anali atangotuluka kumene m'mitima mwawo.

Tiyenera kunena apa chinthu chimene mabuku ofotokoza mwachidule amachilumpha. Amene anasewera Pina, Anna Magnani, ndi amene anasewera wansembe, Aldo Fabrizi, anali akatswiri odziwika kale pa nsanja za zisudzo za mu Roma, ndipo zigawo zina za m'nyumba, monga likulu la apolisi a Jeremani, zinajambulidwa mu situdiyo yaing'ono ya mumsewu wa Avignonesi. Neyoreyalizimo sinali chipani chokhala ndi malamulo olembedwa. Aliyense ankasakaniza mmene waonera. Koma filimu yotsatira ya Rossellini, Paisà ya 1946, inapita patsogolo: nkhani zisanu ndi imodzi, kuyambira ku Sisile mpaka ku madambo a mtsinje wa Po, ndipo ambiri mwa osewera anawapeza pamalo pomwepo.

Panali chinthu china chaluso chimene chinapangitsa kuti zonsezi zitheke, ndipo chinali mphatso yosayembekezeka ya boma lomwe ankalitsutsalo. Vuto lalikulu la kujambula mumsewu ndi phokoso. Makina ojambulira mawu a nthawi imeneyo anali olemera, ndipo galimoto imodzi yodutsa kapena galu wouwa ankawononga ntchito yonse. Koma boma la Mussolini linali litalamula kuti mafilimu akunja aziikidwa mawu a Chitaliyana, choncho m'dzikomo munakula gulu la akatswiri odziwa kuika mawu pa milomo ya munthu wina chithunzi chitajambulidwa kale. Rossellini ndi De Sica ankajambula zithunzi zokha mumsewu, mawu n'kudzaika pambuyo pake m'chipinda chabata. Zimenezi zinamasula kamera kuti iyende paliponse, ndipo zinalola wotsogolera kuti aziyankhula ndi wosewera wake kamera ikujambula, kumuuza kuti tsopano tembenuka, tsopano yang'ana pansi. Kwa munthu amene sanaphunzire zisudzo, thandizo limeneli linali lalikulu zedi.

Tsopano tibwerere kwa Antonio ndi njinga yake, chifukwa filimu imeneyi ndiyo imayankha funso lathu momveka bwino. Pofika 1948 nkhondo inali itatha zaka zitatu zapitazo, ndipo kusowa kwa situdiyo sikunalinso chifukwa chokwanira. De Sica mwiniwake anali mwana wa situdiyo: m'zaka za m'ma 1930 anali mnyamata wokongola wosewera m'mafilimu anthabwala, wokondedwa ndi dziko lonse. Ankafuna ndalama za filimu yatsopanoyi, ndipo mkulu wina wa kanema wa ku Amereka, David O. Selznick, anali wokonzeka kupereka ndalamazo, koma anafuna kuti Antonio aseweredwe ndi Cary Grant, mmodzi mwa osewera otchuka kwambiri padziko lonse panthawiyo. De Sica anakana, ndipo anakapeza ndalama kwa anzake a ku Italiya komweko. Apa palibe umphawi umene unamukakamiza. Anasankha yekha.

Nkhani yake anailemba pamodzi ndi Cesare Zavattini ndi ena, potengera pang'ono chabe buku la Luigi Bartolini, ndipo ndi yaifupi moti tingaifotokoze m'mpweya umodzi. Antonio Ricci, wa ku Val Melaina, dera la nyumba zaboma kumalire a mzinda kumene akazi amatunga madzi pampopi wa panja, wakhala pa ulova nthawi yaitali, monga analili anthu pafupifupi mamiliyoni awiri m'dzikomo. Wapeza ntchito yomata zithunzi zotsatsa malonda m'makoma, koma ntchitoyo imafuna njinga. Atawombola njinga ija, tsiku loyamba lenilenilo, ali pamwamba pa makwerero akumata chithunzi cha Rita Hayworth, mkazi wotchuka wa m'mafilimu a ku Amereka, mnyamata wina akuitenga n'kuthawa nayo. Kupolisi akulemba dandaulo lake n'kumuuza kuti akaifunefune yekha. Tsiku lotsatira, Lamulungu, iye ndi mwana wake Bruno akuyenda mzinda wonse.

Taganizirani nkhani imeneyi itaseweredwa ndi Cary Grant. Woonera aliyense akudziwa kuti munthu uyu ali ndi nyumba yabwino ndi magalimoto, ndipo anamuonapo m'mafilimu khumi akupambana pamapeto. Akamuona akulira chifukwa cha njinga, woonerayo amasirira luso lake la kusewera, koma mantha samugwira. Pamene nkhani yonse yaima pa chinthu chaching'ono chotere, imafuna nkhope imene sitinaionepo, imene sitingathe kulosera kuti zimuthera bwanji. De Sica anaipeza mwa Lamberto Maggiorani, wantchito wa pa fakitale ya zitsulo ya Breda. Ankanena kuti chimene chinamukopa ndi mmene munthuyo ankayendera, mmene ankakhalira pansi, ndi manja ake a munthu wogwira ntchito yolemetsa. Katswiri wa zisudzo angathe kuphunzira mawu m'masiku awiri, koma mapewa amene anazolowera kuwerama pamaso pa bwana kwa zaka zambiri sangawaphunzire m'mwezi. Bruno anaseweredwa ndi Enzo Staiola, mnyamata wa zaka zosakwana khumi amene De Sica anamuona m'gulu la anthu odzaonerera kujambulako. Maria anaseweredwa ndi Lianella Carell, mtolankhani amene anabwera kudzafunsa De Sica mafunso.

Msewu nawonso uli ndi ntchito yake m'nkhaniyi, ndipo ntchitoyo ndi kuonetsa kuchuluka. Pamsika wa Piazza Vittorio, Antonio ndi anzake akufufuza njinga imene mwina yaphwasulidwa kale, ndipo kamera ikuyenda m'mbali mwa mabenchi odzaza ndi mabelu, mapampu, matayala ndi mafelemu osawerengeka. Mu situdiyo chilichonse chimene chili pachithunzi chinaikidwapo ndi munthu kuti chitumikire nkhani, choncho dziko limaoneka ngati likuzungulira mwini nkhaniyo. Mumsewu weniweni dziko silimudziwa. Matiramu akudutsa odzaza, ena akupita ku mpira, ena ku tchalitchi, ndipo tsoka limene kwa Antonio ndi imfa ya banja lake, kwa mzindawo ndi njinga imodzi mwa zikwizikwi. Kusalabadira kumeneku ndiko mutu weniweni wa filimuyi, ndipo sikungamangidwe ndi matabwa.

Zavattini, amene anali woganiza wamkulu wa gulu limeneli, ankapita patali kuposa pamenepa. Ankati nkhani zopeka zokhala ndi ngwazi zimaphunzitsa anthu wamba kunyoza moyo wawo, ngati kuti zimene zimawachitikira tsiku ndi tsiku si zoyenera kuzionera. Loto lake linali filimu yotsatira munthu mmodzi kwa mphindi makumi asanu ndi anayi m'mene simukuchitika chodabwitsa chilichonse. Palibe amene anakwanitsa lotolo kwathunthu, ndipo ife tikuganiza kuti n'zabwino kuti sanalikwanitse, koma mthunzi wake ukuoneka m'timagawo timene wokonza wina akanatidula. Bruno akuterereka n'kugwa m'mvula, bambo ake osaona. Akufuna kukodza pakhoma, bambo ake n'kumuitana asanathe. Awiriwo akulowa m'nyumba yodyera imene ndalama zawo sizikuyenera, ndipo mwanayo akuyang'anitsitsa mwana wa banja lolemera pa tebulo loyandikana. Timagawo timeneti sitiyandikitsa njinga ngakhale pang'ono. Timatidziwitsa mwana amene maso ake ndiwo adzaweruze bambo ake pamapeto.

Pakuti wakubayo akupezeka ndithu, m'kamsewu ka kwawo, koma ndi mmphawi mnzake, wokhala m'chipinda chimodzi ndi mayi ake ndi abale ake. Akugwa khunyu, anansi akumuikira kumbuyo, wapolisi akufufuza m'chipindamo osapeza kanthu, ndipo Antonio alibe mboni. Madzulo, pafupi ndi bwalo la mpira pamene pali njinga zambirimbiri, akuona njinga ina itatsamira khoma payokha. Akupatsa Bruno ndalama kuti akakwere tiramu, koma mwanayo akuchedwa, choncho akuona bambo ake akuthawa pa njinga ya eni, gulu likuwathamangitsa, kuwagwetsa ndi kuwamenya makofi. Mwini njinga, ataona mwana akulira, akunena kuti amusiye. Awiriwo akuyenda m'khamu la anthu, Antonio akugwetsa misozi, ndipo Bruno akugwira dzanja lake. Apa m'pamene timamvetsa chifukwa chake dzina la filimuyi likunena za akuba ambiri, osati wakuba mmodzi.

Koma tisanamizidwe n'kuganiza kuti De Sica anangoimika kamera pamsewu n'kudikira kuti moyo udutse. Filimuyi inakonzedwa mosamala kwambiri ndipo sinali yotsika mtengo. Gawo la kubedwa kwa njinga linajambulidwa ndi makamera asanu ndi imodzi nthawi imodzi. Mvula ya pamsika wa Porta Portese inagwetsedwa ndi mapaipi a ozimitsa moto. Makamu a anthu ankauzidwa poima ndi nthawi yoyendera. De Sica, pokhala katswiri wa zisudzo, ankasewera yekha gawo lililonse pamaso pa Maggiorani ndi mwana uja kuti iwo atsanzire. Ndipo mawu amene timamva kuchokera pakamwa pa Antonio si a Maggiorani, ndi a wosewera wina amene anawaika pambuyo pake. Nyimbo za Alessandro Cicognini nazonso zimatikoka mtima mwadala. Choonadi chimene tikuchimva poonera chinachita kupangidwa, monga mmene mmisiri waluso amasokera chovala msoko osaoneka.

Amene anayesa kuchotsa ngakhale chinyengo cha mawu chija anali Visconti, mu La terra trema ya chaka chomwecho cha 1948, ndipo ife okhala m'mbali mwa nyanja filimu imeneyi tingaimve msanga kuposa anthu a m'mizinda ya Ulaya. Visconti anali wa banja lachifumu la ku Milan koma wogwirizana ndi chipani cha Chikomyunizimu, chimene chinapereka ndalama zoyambira. Anapita ku Aci Trezza, mudzi wa asodzi ku Sisile umene Verga analembapo buku lake I Malavoglia mu 1881, nakhala kumeneko miyezi yambiri. Osewera onse anali anthu a m'mudzimo. Iye ankawafotokozera chimene chikuchitika m'gawo lililonse, iwo n'kupeza mawu ake m'chiyankhulo chawo cha Chisisile, ndipo mawuwo ankajambulidwa pomwepo. Nkhani yake ndi ya mnyamata 'Ntoni wa banja la Valastro, amene watopa ndi opikula nsomba omwe amagwirizana mtengo pagombe asodzi asanakocheze n'komwe. Akukopa banja lake kuti lipinyolitse nyumba kubanki kuti lizigwira ntchito palokha. Poyamba zikuyenda: agwira nsomba zambiri zazing'ono, zonga usipa, n'kuzithira mchere m'migolo kuti adzagulitse mtengo ukakwera. Koma ngongole siidikira nyengo. Akulowa m'nyanja tsiku la mphepo, namondwe akuwononga bwato, migolo ija akuigulitsa motchipa kwa opikula omwewo, banki ikulanda nyumba, ndipo pamapeto 'Ntoni akupita kukapempha ganyu m'mabwato a adani ake.

Chilungamo cha Visconti chinali ndi mtengo wake. Anthu a ku Roma ndi ku Milan sankamva Chisisile cha asodzi, filimuyo inali yaitali kuposa maola awiri ndi theka, ndipo ngakhale inalandira mphotho ku Venice, oonera anali ochepa. Pambuyo pake inafupikitsidwa n'kuikidwa mawu a Chitaliyana, chinthu chomwecho chimene mwini wake anachikana. Tingawonjezere kuti zithunzi zake, monga za akazi ovala zakuda ataima pamiyala kudikira bwato, n'zokongola kwambiri moti ena anafunsa ngati umphawi uyenera kuoneka wokongola chotero. Funso limenelo ife sitikuliona ngati lopepuka.

Vuto la oonera silinali la Visconti yekha. Kunja kwa dziko mafilimuwa analemekezedwa: Sciuscià ya De Sica, yonena za ana opukuta nsapato, ndi Ladri di biciclette zonse zinalandira mphotho yapadera ya Oscar, ndipo mu 1952 akatswiri ofunsidwa ndi magazini ya ku Britain ya Sight and Sound anaika Ladri di biciclette pamwamba pa mafilimu onse. Koma ku Italiya komweko mafilimu a neyoreyalizimo anali ochepa pakati pa mafilimu onse opangidwa, ndipo munthu amene wakhala tsiku lonse pamzere wa ofuna ntchito, madzulo ankakonda kuonera mafilimu a ku Amereka amene anasefukiranso m'dzikomo, kapena nthabwala za Totò. Sitingamudzudzule. Boma nalonso linasintha. Chipani cha Chikhristu chitapambana chisankho cha Epulo 1948, lamulo la 1949 lodziwika ndi dzina la Giulio Andreotti linathandiza makampani a kanema ndi ndalama, koma linapatsanso boma mphamvu yoona nkhani isanajambulidwe ndi yoletsa filimu kutumizidwa kunja ngati ikuipitsa dzina la dziko. Mu 1952 De Sica anatulutsa Umberto D., nkhani ya nkhalamba yopuma pantchito yaboma imene penshoni yake siikwanira lendi, yokhala ndi galu wake yekha, ndipo anaisewera Carlo Battisti, pulofesa wa ziyankhulo wa ku yunivesite ya Florence. Andreotti analemba kalata yapoyera yodzudzula De Sica kuti akuchitira dziko lake zoipa pamaso pa mayiko ena. Filimuyo inaluza ndalama, ndipo ambiri amaiwerenga ngati yotsiriza ya nyengo imeneyi. Cinecittà inali itatsegulidwanso, makampani a ku Amereka akujambuliramo mafilimu aakulu a Roma wakale.

Njira yake inapita kutali ndi kwawo. Satyajit Ray wa ku India anaonera Ladri di biciclette ku London mu 1950, ndipo ankanena kuti anatuluka m'holomo atatsimikiza mtima kuti adzajambula m'mudzi weniweni ndi anthu osadziwika. Zotsatira zake ndi Pather Panchali ya 1955. Ku Senegal, filimu yaifupi ya Ousmane Sembène ya 1963, Borom Sarret, ikutsatira tsiku limodzi la mwini ngolo ya hatchi mu Dakar mpaka wapolisi atamulanda ngoloyo, ndipo amene anaonera zonse ziwiri amaona ubale wake ndi nkhani ya Antonio. Kwa opanga kanema a m'mayiko opanda situdiyo, Italiya inaonetsa kuti kamera, msewu ndi anansi n'zokwanira kuyambira.

Nanga anthu wamba aja, kamera itachoka, zinawathera bwanji? Battisti anabwerera ku mabuku ake. Enzo Staiola anaseweranso m'mafilimu angapo ali mwana, kenako anasiya n'kukagwira ntchito wamba. Asodzi a ku Aci Trezza mayina awo sanalembedwe n'komwe mmodzimmodzi kumayambiriro kwa filimu, anangotchedwa asodzi a ku Sisile. Maggiorani anabwerera ku fakitale monga anagwirizanirana ndi De Sica, koma pasanapite nthawi yaitali fakitaleyo inayamba kuchepetsa antchito, ndipo iye anali mmodzi mwa ochotsedwa. Anthu ankamuyesa wolemera chifukwa nkhope yake inali m'makoma a mizinda ya kutali. Anagwirako ntchito ya zomangamanga, ankapeza timagawo ting'onoting'ono m'mafilimu ena mwa apo ndi apo, ndipo anamwalira ku Roma mu 1983.